Mwana wakula? Taonani kaye mphatso mwanyamulayo

Kwathu ku Mangochi mtsikana akatha msinkhu pamakhala mwambo wa ndakula, ndipo sitikuti uthe ayi. Koma azakhali, mukampatsa mapoto ndi mbale mwamuuza kuti banja layandikira. Chonsecho malamulo a dziko lino, chisinthireni mu 2017, saloleza ukwati munthu asanakwane zaka 18.

Ife tikuti phikani mpunga wa chambo, muitane agogo, amalume ndi azakhali, basi. Ng'oma ikamveka mpaka kudoko, amalonda a usipa nawonso amadziwa kuti pakhomopo pali namwali.

Chitenje mpatseni ndithu. Mkati mwake mukulungemo mapadi ochapa, sopo ndi nyali ya sola yowerengera usiku. Amalume nawo asangodya chambo, alonjeze onse akumva kuti yunifomu ndi makope a teremu ikubwerayi agula ndi iwo.