Wopambana malonda 9 pa 10 akhoza kutsala opanda khobidi

Mukatsegula magulu a WhatsApp ndi Telegram omwe amaphunzitsa malonda a ndalama zakunja, aja timangoti foleksi, chomwe amakukoperani nacho chimakhala chimodzimodzi: "Masigino athu amapambana ka 90 pa 100." Kenako pamabwera zithunzi za foni zodzaza manambala abuluu. Ine ndikuti nambala imeneyo payokha siikuuzani chilichonse, ndipo amene akuigulitsa popanda inzake akubisa theka la nkhani.

Theka lobisikalo ndi ili: mukapambana mumapeza zingati, nanga mukaluza mumataya zingati? Tiyeni tiwerengere m'makwacha kuti zimveke, ngakhale maakaunti ambiri amakhala m'madola.

Tiyerekeze achinyamata awiri, aliyense wachita malonda 10. Woyamba amafuna kupambana basi. Mtengo ukangosuntha pang'ono kumukomera, amatseka n'kutenga K2,000. Ukamupita kumbali amadikira, akuti ubwerera, mpaka amadzatseka atataya K20,000. Pa malonda 10 wapambana 9, zomwe ndi K18,000. Waluza kamodzi kokha, K20,000. Watsala ndi chibowo cha K2,000, komatu pagulu atumiza zithunzi 9 zokongola ndipo anthu amuombera m'manja.

Wachiwiri ndi amene anzake amamuseka. Asanalowe malonda aliwonse amaika Stop Loss, kutanthauza malire omwe malondawo adzitseka okha akataya K10,000. Amaikanso Take Profit pa K30,000. Pa malonda 10 waluza 7, ndiye K70,000 yapita. Wapambana 3 okha, koma atatuwo amubweretsera K90,000. M'thumba mwatsala phindu la K20,000. Munthu woluza kawirikawiri ndiye wadya, wopambana pafupifupi nthawi zonse wagona ndi njala.

Apa palibe matsenga, ndi masamu a ku pulayimale. Kuti mudziwe kuti muyenera kupambana kangati kuti musaluze komanso musapindule, tengani ndalama yomwe mukuika pachiswe, muigawe ndi ndalama yomweyo mutaiphatikiza ndi yomwe mukuyembekeza kupeza. Wachiwiri uja akuika 10,000 kuti apeze 30,000, ndiye 10,000 kugawa ndi 40,000 ndi 25 pa 100. Akapambana koposera kamodzi pa malonda anayi aliwonse, ali pabwino. Woyamba akuika 20,000 kuti apeze 2,000, ndiye akufunika kupambana pafupifupi ka 91 pa 100 kuti angobweza yake. Ndiye 90 pa 100 amene akumunyadirayo ndi wosakwanira n'komwe.

Nkhaniyi si yatsopano. M'chaka cha 1983 Richard Dennis, katswiri wa malonda wa ku Chicago ku America, pamodzi ndi mnzake William Eckhardt, adayamba kuphunzitsa gulu la anthu, ambiri osadziwa kwenikweni za misika, omwe adatchuka ndi dzina loti Turtles. Njira yawo inali yotsata komwe mtengo ukulowera: kulowa mtengo ukadumpha malire omwe wakhala ukulekezera, kutuluka msanga ukabwerera, ndi kukhalabe m'malondamo ukapitirira. Njira zamtunduwu zimaluza kambiri kuposa momwe zimapambanira, chifukwa nthawi zambiri mtengo umangonamizira kudumpha n'kubwerera. Phindu limachokera ku malonda ochepa omwe amayenda mtunda wautali.

Koma musathamangire kukaika Take Profit kutali n'kumati mwatulukira golide. Nambala ziwirizi zimakokana ngati chingwe. Mukatalikitsa pomwe mukufuna kukolola, mtengo umafikapo mwa apo ndi apo, choncho kupambana kwanu kumatsika. Mukhoza kulemba 1:10 papepala, koma ngati mtengo umafikako kamodzi pa malonda 15, mupeza K100,000 mutataya K140,000. Anzanga obetcha mpira akuidziwa bwino imeneyi. Tikiti ya magemu 12 imalonjeza ndalama zambiri pa K500 yokha, koma mwayi woti onse alowe ndi wochepa kuposa momwe malipirowo akanayenera kukhalira, chifukwa kampani idachotseratu gawo lake pa gemu iliyonse. Pa foleksi gawo lotere liliponso: kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, komwe buloka amadyerapo nthawi iliyonse mukalowa.

Chomwe chimagwetsa anthu ambiri, mmene ndikuonera, ndi mtima. Wopambana 3 pa 10 ayenera kuzolowera kuluza motsatizana. Mwayi woti malonda 7 otsatira onse aluze ndi pafupifupi 8 pa 100, ndipo pa malonda 100 n'zovuta kuti mndandanda woterowo usakupezeni. Ngakhale kuluza ka 10 kondondozana si chozizwitsa. Apa ndi pomwe kukula kwa ndalama yomwe mukuika kumaonekera. Woika 1 peresenti ya akaunti yake pa malonda aliwonse, akaluza ka 10 amatsala ndi pafupifupi 90 peresenti, ndipo akhoza kupitiriza. Woika 10 peresenti amatsala ndi pafupifupi 35 peresenti. Kuti abwerere pomwe anali, ayenera kuchulukitsa yotsalayo pafupifupi katatu. Njira ndi imodzi, msika ndi womwewo, koma wachiwiriyu sadzafika pa malonda atatu opindulitsa aja.

Ndiye pali china chomwe chimachitika chala chili pa foni. Munthu waluza kanayi, kachisanu malonda ayamba kumukomera, akuona K15,000 ikuphethira. Mantha amugwira, eti isathawenso, basi watseka. Akachita chimodzimodzi pa malonda onse atatu opambana, apeza K45,000 m'malo mwa K90,000, pomwe K70,000 yoluza ija sinasinthe. Njira yomwe imayenera kumupatsa K20,000 yamulanda K25,000. Ena amachita zosiyana: mtengo ukayandikira Stop Loss amaisuntha kuti "aupatse mpata", ndipo K10,000 imasanduka K25,000. Papepala akadali pa 1:3, koma m'thumba ali pena.

Mungadziwe bwanji kuti muli pati? Tsegulani History mu MetaTrader kapena pulogalamu yomwe mumagwiritsa ntchito, mutenge malonda onse omwe mudatseka, osasankha okoma okha. Phatikizani ndalama zonse zopambana n'kugawa ndi chiwerengero cha malonda opambanawo. Chitani chimodzimodzi ndi zoluza. Nambala ziwirizo ndiye zanu zenizeni, ndipo muziyerekeze ndi kuchuluka kwa nthawi zomwe mudapambana. Malonda 10 ndi ochepa kwambiri, pamenepo mwayi chabe ukhoza kumuonetsa aliyense ngati dolo. Pamafunika 100 kapena kuposerapo kuti chithunzi chiyambe kuoneka. Wogulitsa masigino mumupemphe zomwezo: mbiri yonse, ndi kukula kwa zoluza zake. Muonetsetsenso malonda omwe sanatseke, chifukwa njira yachidule yopezera 90 pa 100 ndi kungosiya oluza ali chitsegulire kuti asalowe m'mbiri.

Ngakhale Stop Loss yomwe masamu onsewa atsamirapo ili ndi polekezera. Pa 15 Januwale 2015 banki yayikulu ya dziko la Switzerland idachotsa mwadzidzidzi malire omwe idaika oti yuro imodzi isatsike kupitirira mafuranki 1.20. M'mphindi zochepa furanki idakwera mphamvu kwambiri, ndipo panalibe ogula pa mitengo yomwe anthu adaikapo malire awo. Malonda adatsekeka kutali ndi pomwe eni ake adalemba, ena adatsala ndi ngongole kwa mabuloka, ndipo kampani ya Alpari ya ku Britain idagwa. Amene ankawerengera kuti ataya K10,000 yathu ija tsiku limenelo adataya kangapo kuposa pamenepo, foni ili m'manja.