Msambo womwe umagwetsa munthu pansi si wa onse

Pano pa Mindolo tili naye mlongo wathu amene anayamba kusamba ali giredi 8. Manje ali ndi zaka 27. Mwezi uliwonse amagona pansi pa simenti atadzipinda, botolo la madzi otentha lili pamimba, akusanza. Amayi anati, "Limba, mwanangu, ndi chizimayi chimenecho." Alangizi anati zidzatha akadzabala. Ku kiliniki anamupatsa Panado, ndipo ulendo wina anamupatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, iye asanagonepo ndi mwamuna. Dzina la matenda ake analimva chaka chatha, patapita zaka 13: endometiriyosisi.

Ifenso tinalakwa. Tinkamuseka kuti amakonda sewero.

Matendawa ali motere. Minofu yofanana ndi ija ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake: pa thumba la mazira, kumbuyo kwa chiberekero, pa matumbo, nthawi zina pa chikhodzodzo. Msambo ukafika, nayonso imatupa ndi kutulutsa magazi, koma magaziwo alibe potulukira. Amatsalira m'mimba, malowo amatupa, zipsera zimapangika, mpaka ziwalo zimayamba kumatirirana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti matendawa ali ndi mkazi mmodzi pa 10 alionse a msinkhu wobala, pafupifupi anthu 190 miliyoni. Mukakwera minibasi yopita m'tauni, werengani akazi amene alimo, kenako muganize.

Amene amati "tonse zimatipweteka" sakunama, koma akusakaniza zinthu ziwiri. Kupweteka wamba kumayamba tsiku loyamba kapena dzulo lake, kumatha pa masiku awiri kapena atatu, ndipo nthawi zambiri Bulufeni amakuchepetsa. Kwa mlongo wathu kunkayamba kutatsala masiku anayi, n'kupitirira magazi atasiya. Kunkakula chaka ndi chaka. Akakhala ku mwezi, kupita ku chimbudzi kunali ngati akumubaya ndi mpeni kumbuyo. Atakwatiwa, kugonana kunkamupweteka m'kati mwenimweni, ndipo pakati sipanabwere. Zimenezi ankazibisa, chifukwa kwathu kuno ndani amauza amayi ake kapena nasi wachimuna nkhani ya chimbudzi ndi ya kuchipinda? Koma mfundo zimenezo ndi zomwe dokotala amafunika kumva.

Chomwe chimatikwiyitsa kwambiri ndi nkhani ya sikani. Mtsikana amasonkha ndalama, amajambulitsa, amuuza kuti zonse zili bwino, ndipo kunyumba mlandu watha: waona, palibe chilichonse. Si zoona. Sikani wamba imaona chotupa chodzaza magazi akale pa thumba la mazira ngati chilipo, koma timadontho ting'onoting'ono tomwe tamera pa khungu la m'kati mwa mimba sitioneka. Timaoneka pa laparosikopi, opaleshoni yolowetsa kakamera kudzera pa kabowo ka pamchombo. Choncho sikani yoyera siyitanthauza kuti munthu akunama. Ndiponso dokotala safunika kudikira opaleshoni kuti ayambe kuthandiza. Mapiritsi a kulera, jakisoni wa Depo ndi mankhwala ena a mahomoni amachepetsa msambo kapena kuuimitsa, ululu n'kutsika. Sachiritsa. Pakati napo sipachiritsa: ululu ukhoza kupuma miyezi imeneyo, n'kubwerera msambo ukayambiranso. Ndiye tileke kuuza ana a sukulu kuti mankhwala awo ndi mwana.

Ena adzati Zambia inaganizira kale akazi, popeza lamulo la ntchito la 2019 limapatsa mkazi wolembedwa ntchito tsiku limodzi pamwezi loti apume popanda kalata ya dokotala, lija timati tsiku la amayi. Ndi lamulo labwino, sitikukana. Koma tsiku limodzi ndi la msambo wamba. Amene amagwa masiku asanu, anayi otsalawo amaoneka waulesi kwa abwana. Wogulitsa ku msika wa Chisokone lamulolo silimufika n'komwe, ndipo mwana wa giredi 12 mayeso samudikira.

Mlongo wathu chinamuthandiza ndi kabuku. Kwa miyezi itatu ankalemba tsiku limene ululu wayamba ndi limene watha, kukula kwake kuyambira 1 mpaka 10, mapiritsi amene wamwa ndi ngati agwira, masiku amene wajomba ku ntchito, ndi zija za chimbudzi ndi za kuchipinda. Anapita nako ku kiliniki, anakaika patebulo, n'kunena kuti, "Asisita, ndikupempha kalata yopita kwa dokotala wa matenda a amayi." Kuno kalata yotere imakufikitsa ku Kitwe Teaching Hospital, a ku Ndola ku Ndola Teaching Hospital. Ulendo umenewo sanamupatse Panado.