Chambo Chikakwera Mtengo

Pali mtundu wina wa nthabwala umene umalandiridwa mosiyana ndi nthabwala zina zonse. Nthano ya Kalulu ikakoma, anthu amaseka basi. Koma munthu akaseweretsa mau a matanthauzo awiri, omvera amayamba apukusa mutu, ena nabuula kuti, "Aaa, inunso!" pamene mano ali kale pamtunda. Ambiri amayesa kuti kubuulako ndi chizindikiro chakuti nthabwalayo yalephera. Zoona zake nzakuti kubuula ndi kuseka zimachokera pa muzu umodzi, ndipo wobuula ndiye amene wamvetsa.

Chitsanzo chabwino chimapezeka m'misika ya nsomba ya ku Mangochi. Wogula akadandaula ndi ndalama zimene wauzidwa, mayi wogulitsa amayankha kuti, "Bambo, chambo chakwera mtengo masiku ano." Wogula wochenjera pakamwa angathe kubweza kuti, "Ndiye chitsitseni msanga, mayi, chisanagwe ndi kuthyoka msana." Apa mau atatu asenza akatundu awiri nthawi imodzi. Mtengo ndi ndalama zogulira chinthu, komanso ndi chomera cha nthambi ndi masamba. Kukwera kumanenedwa za ndalama, komanso za mnyamata wofuna mango. Kutsitsa nakonso nchimodzimodzi. Motero chiganizo chonse chimayenda bwino m'njira ziwiri, popanda liu lotsalira. Nthabwala yolimba imadziwika ndi chimenechi, kuti matanthauzo onse awiri amaima paokha kuyambira poyamba mpaka potsiriza.

Nanga chimachitika nchiyani m'mutu mwa womvera? M'chaka cha 1979 katswiri wina wa ku Amereka, David Swinney, adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene amathandiza kuyankha funsoli. Iye ankamvetsera anthu ziganizo zokhala ndi liu la Chingerezi limene limatanthauza kachirombo, komanso kachipangizo komvera mobisa zimene ena akulankhula. Liulo likangomveka, ankawaonetsa mau ena olembedwa nayesa liwiro limene ankawazindikira nalo. Adapeza kuti pa kamphindi koyambako anthu ankazindikira msanga mau okhudza matanthauzo onse awiri, ngakhale pamene nkhani inkaloza tanthauzo limodzi lokha. Koma pakangodutsa maphatikizo owerengeka, tanthauzo losayenera linkakhala litazima. Ndiye kuti mutu wa munthu umadzutsa matanthauzo onse, kenaka nkugoneka losafunikalo mwini wake asanazindikire nkomwe.

Woseweretsa mau amadzutsanso tanthauzo limene linagonekedwa lija. Mayi wa nsomba anali ataiwaliratu za mtengo wa masamba, koma mwadzidzidzi akuona m'maganizo chambo chili pa nthambi, chikupuma wefuwefu. Chithunzicho nchosatheka, komabe mau amene achibereka ndi ake omwe, ndipo sangawakane. Kuseka kumabadwira pamenepo, pamene zinthu ziwiri zosagwirizana zakumana ndipo womvera waona yekha mfundo imene yazimanga pamodzi.

Kubuula kuli ndi chifukwa chake. Paul Grice, katswiri wa ku Mangalande, adafotokoza m'nkhani yake yosindikizidwa mu 1975 kuti anthu akamacheza amakhala ngati agwirizana mwakachetechete kuti azithandizana kumvana. Mwa zina, wolankhula amayembekezeka kupewa mau osokoneza ndiponso kunena zogwirizana ndi nkhani imene ili pakamwa. Wogula chambo uja waswa pangano limeneli mwadala. Iye anamva bwino lomwe zimene mayiyo ankatanthauza, koma wasankha kukhala ngati sanamve. Mayiyo watayitsidwa nthawi, wakokedwa kuchoka pa malonda ake kupita ku nkhani yopanda pake, ndipo wagwa mu msampha wotcheredwa ndi mau ake omwe. Kubuula ndi kachilango kochepa kamene amapereka kwa wolakwayo. Koma sangalange cholakwa chimene sanachione. Nchifukwa chake wanthabwala amakondwa akamva "Inunso!" pakuti amadziwa kuti mkondo walasa.

M'Chichewa muli chinthu china chowonjezera kubuulako, ndicho kukwera ndi kutsika kwa mau. Mwini chinenero akamanena mtengo wa masamba amakweza mau pa phatikizo la "te", koma pa mtengo wa malonda sakweza. Khutu lozolowera limamva kuti mau awiriwa safanana kwenikweni, kotero limadziwa kuti wanthabwala wabera pang'ono. Ndiponso ambiri ponena za munthu amati wakwera mumtengo, pamene za malonda amati zakwera mtengo. Kampata kameneka ndiko kamachititsa womvera kumva ngati wakakamizidwa, ngakhale akuseka.

Nthabwala yotere imafa m'njira zitatu. Yoyamba ndi pamene womvera akudziwa tanthauzo limodzi lokha. Ku nyanja ya Malombe, kambuzi ndi tinsomba ting'onoting'ono. Kwa anthu ambiri a kumtunda, kambuzi ndi tsabola wonunkhira uja, ndipo kwa wina aliyense kangakhale kambuzi ka m'khola. Msodzi wa ku Malombe akauza mlendo kuti wakola kambuzi mu ukonde ndipo sikanalire, anzake a pa doko adzaseka, koma mlendo wosadziwa nsombazo adzangoti kukamwa yasa. Chizindikiro cha kulephera nchomwecho: pamakhala chete, popanda kuseka kapena kubuula. Njira yachiwiri ndi kufotokozera. Womvera akauzidwa kuti kampango ndi nsomba komanso ndi mpango waung'ono wa kumutu, waphunzira kanthu, koma walandidwa chisangalalo chodzipezera yekha.

Njira yachitatu ndi yolemera kuposa zinzake. Chambo sichinakwere mtengo mwa masewera. M'nyanja ya Malombe nsombayi inali yochuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma pofika m'zaka za m'ma 1990 inali itachepa koopsa, makamaka chifukwa cha kusodza kopitirira muyeso ndi maukonde a maso ang'onoang'ono amene amakokolola ndi ana omwe. Asodzi ambiri adatembenukira ku kambuzi. Tsono nthabwala ya chambo cha pa nthambi ingakome pakati pa wogula ndi wogulitsa odziwana, koma kwa msodzi amene wachezera usiku wonse nabwera chimanjamanja ndi chipongwe. Pamenepo kubuula kumatsala kokha, kuseka kulibe. Mlingo wake ngwakuti chimene womvera wataya chikhale chochepa, monga kamphindi ka nthawi yake, osati ulemu kapena chakudya cha ana ake.

Aphunzitsi ena amadzudzula mwana woseweretsa mau ngati wachibwana. Nthawi zina amayeneradi kutero, pakuti phunziro lisamaduke pa liu lililonse. Komabe mwana amene waona chambo pa nthambi wasonyeza kuti angathe kugwira matanthauzo awiri nthawi imodzi, ndipo luso limeneli ndi lomwe mlembi amalifuna. Chichewa cholembedwa masiku onse sichisonyeza kukwera ndi kutsika kwa mau, motero pa pepala mitengo iwiri ija imafanana kotheratu. Wolemba kalata kuti "mtengo wagwa" angathe kukondweretsa wogula chimanga kapena kuopsa mwini nyumba. Choncho mphunzitsi wa Chichewa angachite bwino kulemba chiganizo chotere pa bolodi, ophunzira apeze matanthauzo onse awiri, kenaka achilembenso kawiri kuti chilichonse chikhale ndi tanthauzo limodzi lokha, monga "mtengo wa chimanga watsika" ndi "mtengo wa mango wagwera nyumba". Wodziwa kutchera msampha wa mau mwadala ndiye adzadziwanso kuupewa pamene akulemba kalata yofunsira ntchito.