Mwathetheratu yankho lolondola chifukwa cha timabokosi?

Mwana wachulukitsa 347 ndi 26, wapeza 9022. Yankho n'lolondola. Koma inu aphunzitsi mwadula ndi cholembera chofiira, ati chifukwa wajambula timabokosi m'malo mondandalika manambala motsitsa. Mwana walakwa chiyani? Kapena 9022 wa m'timabokosi ndi wopepuka kuposa 9022 wanu?

Mukuti si njira imene munaphunzira. Ndiye? Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndipo musatinamize kuti timabokosi ndi zobwera dzulodzulo: njirayi ili m'buku la masamu limene linasindikizidwa ku Treviso, m'dziko la Italy, mu 1478, ndipo timitengo towerengera ta John Napier ta mu 1617 tinapangidwa pa nzeru yomweyi.

Tiyeni tichite samuyi poyera, aliyense aone.

Njira yanu: 347 × 6 ndi 2082. Mzere wachiwiri muyamba ndi ziro, chifukwa 2 wa mu 26 ndi mateni awiri, ndipo mupeza 6940. Kuphatikiza, 9022.

Njira ya mwana: ajambula timabokosi titatu pamwamba, titatu pansi. Alemba 3, 4, 7 pamwamba, 2 ndi 6 kumanja. Kabokosi kalikonse akadula pakati ndi mzere wopendekeka, mateni kumtunda, mawani kumunsi. Timabokosi ta pamwamba tilandira 06, 08, 14, ta pansi 18, 24, 42. Kenako aphatikiza motsata mizere yopendekekayo, kuyambira pansi kumanja. Woyamba uli ndi 2 yekha. Wachiwiri uli ndi 4, 4, 4: alemba 2, asunga 1. Wachitatu uli ndi 1, 8, 2, 8, kuwonjezapo 1 wosungidwa uja, 20: alemba 0, asunga 2. Wachinayi uli ndi 0, 6, 1, kuwonjezapo 2, ndiye 9. Wotsiriza ndi ziro. Yankho, 9022.

Mukuti zangochitika mwamwayi? Mwayi wanji wobwera nthawi zonse? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dekhani muone chimene chili m'timabokosimo. 347 ndi 300, 40 ndi 7; 26 ndi 20 ndi 6. Kuchulukitsa manambala awiriwa ndiye kuti chidutswa chilichonse cha uku chikumane ndi chidutswa chilichonse cha uko, ndipo pakhala zotsatira zisanu ndi chimodzi: 6000, 800, 140, 1800, 240 ndi 42. Phatikizani zitatu zoyambazo: 6940. Zitatu zotsalazo: 2082. Eetu, ndi mizere yanu iwiri ija! Inu mwaphatikiza mzere ndi mzere, mwana waphatikiza mawani okhaokha, mateni okhaokha, mahandiredi okhaokha, pakuti mzere wopendekeka uliwonse ndi malo amodzi a nambala. N'chifukwa chake 4 wa mu 14, amene kwenikweni ndi 40 wa mu 140, amagwera mzere umodzi ndi 4 wa mu 42. Matumba a chimanga mukawawerenga kuyambira pakhomo kapena kuyambira kukhoma, kodi chimanga chimachuluka? Njira ziwirizi sizingasemphane, pokhapokha wina alakwitse.

Kusiyana kwenikweni ndi nthawi yosunga basi. Njira yotsitsa imafuna kuti mwana achulukitse, asunge nambala m'mutu, achulukitsenso, awonjezepo yosunga ija, zonse pakamodzi. Apa ndi pamene ana ambiri amaterereka. Timabokosi timati: chulukitsa kaye zonse, kusunga kubwera pophatikiza. Kwa mwana amene amadziwa matebulo koma amasokonekera posunga, thandizo limeneli n'lalikulu, ndipo kumumana chifukwa cha chizolowezi chanu ndi nkhanza.

Nanunso okonda timabokosi musavine msanga. Njirayi imadya nthawi ndi pepala, mizere ikakhota manambala amalowa mumzere wa eni, ndipo mwana angathe kudzaza timabokosi chaka chonse osadziwa kuti 06 uja ndi 6000. Akaika 6 kumtunda kwa kabokosi m'malo mwa kumunsi, apeza 63022, n'kukhala phee ngati zonse zili bwino. Mnzake wa njira yotsitsa akaiwala ziro wa mzere wachiwiri, aphatikiza 2082 ndi 694, apeza 2776. Matenda ake ndi amodzi: onse sakudziwa malo a nambala.

Mwana angazigwire yekha zolakwa zimenezi. 300 × 20 ndi 6000, choncho yankho silingachepere pamenepo, ndipo 2776 wagwa. 400 × 30 ndi 12000, choncho silingapose pamenepo, ndipo 63022 wagwa. Munamuphunzitsa kuyesa chonchi, kapena munangomuuza kuti "ika ziro" osamuuza chifukwa chake?

Ngati mukukayikira mwana wa timabokosi uja, muitaneni pabolodi. Mulozereni 08, mumufunse kuti ameneyu ndi zingati, ndipo wachokera kuti. Akayankha kuti ndi 800, wochokera ku 40 × 20, m'bwezereni malikisi ake lero lomwe.