Kusintha maola a ofesi: uthenga ufike anthu asanayambe kunong'onezana

Ambiri mwa inu amene munaphunzira pano tsopano mukuyang'anira minda, makola a nkhuku ndi maofesi ang'onoang'ono a magulu a alimi. Enanu mudzafika pomwepo posachedwa. Tsiku lina mudzayenera kuuza antchito kuti nthawi yotsegulira ndi yotsekera ofesi yasintha. Ife tikuti uthenga wotere usaperekedwe pakamwa pokha, kapena mothamanga, chifukwa munthu akamva kuti maola asintha, choyamba chimene amaganiza ndi malipiro ake. Phunziroli tinaliphunzira movutikira.

Mukukumbukira chaka cha 2024. Mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika m'nyanja ya Kariba, ndipo m'mwezi wa Marichi a ZESCO anayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku. Pofika Seputembala, malo ambiri ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi. Ngakhale ife a ku Livingstone, amene timakhala pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, mdimawo sunatilambalale.

Pa nthawiyo ofesi yathu inkatsegulidwa 08:00 ndi kutsekedwa 17:00. Antchito a kumunda anali atayamba kale kulawirira pothawa dzuwa, koma makiyi a nyumba yosungiramo zipangizo ndi dizilo wa pampu zinali m'manja mwa a mu ofesi. Anthu ankadikira pakhomo pamene mbewu zikufota. Masana, a mu ofesi ankangokhala pathukuta, makompyuta atazima. Choncho tinaganiza zoti ofesi izitsegulidwa 07:00 ndi kutsekedwa 15:30.

Ganizolo linali labwino, koma tinalipereka molakwika. Tinauza akapitawo awiri Lachisanu madzulo kuti akauze anzawo. Pofika Lolemba, uthengawo unali utabala ana. Okama ng'ombe anaganiza kuti nawonso aziweruka 15:30, ndipo mkaka wa madzulo unachedwa. Mlimi wina anabwera 16:00 kudzatenga mbande za tomato zimene analipira kale, n'kupeza chitseko chokhoma. Choipitsitsa, kunamveka mphekesera yakuti kuweruka msanga ndi chiyambi cha kudula malipiro ndi kuchotsa anthu ntchito. Palibe amene ananena zimenezo. Zinamera pamalo amene ife tinasiya opanda mawu.

Chimene tikadayenera kuchita choyamba ndi kufunsa tisanagamule. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Titakhala pansi ndi antchito, tinamva zimene sitikanazidziwa tili mu ofesi. Mayi wina amaperekeza mwana kusukulu ku Maramba asanakwere basi, ndipo sakanatha kufika 07:00 popanda kupeza wina womuthandiza. Bambo wina amayenda pansi kuchokera kudera limene njovu za m'nkhalango ya Mosi-oa-Tunya zimadutsa, ndipo anatichenjeza kuti tisayerekeze kuika 06:00, chifukwa ndiye kuti azinyamuka kukadali mdima. Kufunsa sikutanthauza kuti aliyense achite zofuna zake. Woyang'anira ndiye amagamulabe, koma amagamula akudziwa amene apwetekedwe ndi mmene angawathandizire.

Chachiwiri ndi kuwerengera maola poyera, kuti aliyense aone yekha kuti palibe chimene wabedwa. Kale, kuyambira 08:00 mpaka 17:00 anali maola 9, kuchotsapo ola limodzi la nkhomaliro, n'kutsala maola 8. Tsopano, kuyambira 07:00 mpaka 15:30 ndi maola 8 ndi theka, kuchotsapo mphindi 30 za nkhomaliro, n'kutsalanso maola 8. Masiku asanu apereka maola 40, ndipo maola 4 a Loweruka akwanitsa 44. Lamulo la ntchito la dziko la Zambia la m'chaka cha 2019 likuti wogwira ntchito kupitirira maola 48 pa sabata alipidwe ovataimu. Kotero musanalengeze, onani ngati maola atsopano akudutsa malire amenewo, ndipo werenganinso mapangano a ntchito amene antchito anasaina. Ngati maola analembedwa m'panganomo, kuwasintha kumafuna kugwirizana ndi mwini wake, osati kungomata pepala pakhoma. Onaninso kuti m'chitsanzo chathu nthawi ya nkhomaliro yafupika. Chimenecho ndi chotayika chenicheni, ndipo chiyenera kunenedwa, osati kubisidwa.

Chachitatu ndi kulemba. Chidziwitso chimene tinalemba pambuyo pake chinali chotere:

“Kwa antchito onse. Kuyambira Lolemba, pa 7 Okutobala 2024, ofesi izitsegulidwa 07:00 ndi kutsekedwa 15:30, Lolemba mpaka Lachisanu. Nkhomaliro ikhala 12:00 mpaka 12:30. Tasintha kuti a kumunda azilandira makiyi ndi dizilo m'mawa, ndiponso chifukwa masana magetsi sakukhalapo. Kusinthaku kukukhudza a mu ofesi ndi osunga katundu okha. Okama ng'ombe, a kumakola a nkhuku ndi alonda apitirize monga kale. Malipiro sakusintha, ndipo palibe amene akuchotsedwa ntchito. Loweruka tizigwira 08:00 mpaka 12:00 monga mwa nthawi zonse. Tidzaunikanso maolawa kumapeto kwa Novembala. Amene ali ndi vuto aonane ndi woyang'anira ofesi.”

Taonani kuti uthenga weniweni uli m'chiganizo choyamba. Palibe mawu oyamba aatali opepesa, amene amachititsa wowerenga kuyembekezera tsoka. Palibenso mawu oopseza ochedwa, chifukwa chidziwitso chosintha maola si malo odzudzulira anthu. Tsiku latchulidwa ndi dzina lake ndi nambala yake, osati “sabata yamawa”, popeza pepala limakhala pakhoma masabata ambiri. Kudekha kwa uthenga sikuchokera m'mawu okoma, koma m'kuyankhiratu mafunso amene anthu akuopa kufunsa.

Pepala lokha silikwanira. Muno mu Livingstone timagwira ntchito ndi olankhula Chitonga, Chilozi, Chinyanja ndi Chingerezi, ndipo si onse amene amawerenga momasuka. Chidziwitso chiwerengedwe pamsonkhano wa m'mawa, chimasuliridwe, kenaka chimatidwe pageti ndi pakhomo la ofesi. Mlonda wa usiku ndi amene ali patchuthi auzidwe paokha. Ogula nawonso aikiridwe chikwangwani. Ife tikuona kuti masabata awiri ndi nthawi yabwino yoti munthu akonze za ana ndi mayendedwe.

Ena adzati zonsezi n'zochuluka pa nkhani ya ola limodzi, ndipo kuti vuto ladzidzidzi silidikira masabata awiri. N'zoona kuti pampu ikafa kapena magetsi akasintha mwadzidzidzi, mungafunike kusintha mawa lomwe. Pamenepo nenani poyera kuti ndi zadzidzidzi, tchulani tsiku limene mudzaunikenso, ndipo musadule ndalama za wochedwa m'masiku oyamba. Kufulumira kungafupikitse nthawi ya chenjezo, koma sikuchotsa udindo wofotokoza.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati uthenga wafika. Musafunse kuti “Mwamva?” chifukwa aliyense adzavomera mwaulemu. Funsani anthu atatu a m'magawo osiyana kuti, “Kodi Lolemba mubwera nthawi yanji, ndipo malipiro anu akhala bwanji?” Mayankho akasiyana, musanene kuti antchito ndi osamva. Bwererani ku pepala lanu, mukonze chiganizo chimene chawasokoneza, ndipo muliwerengenso pamsonkhano wotsatira.