Kangodya Kamodzi pa Chikopa

Sabata ino tiyeni tisinkhesinkhe kankhani kopeka ka mlembi wina wachiyuda.

Mlembiyu ankakopa mpukutu wa Malamulo a Mose pa chikopa, pogwiritsa ntchito inki ndi cholembera cha bango. Atafika pa Genesis 10:4 anaima. Mumpukutu wakale umene ankaonera, chilembo choyamba cha dzina lina chinali chitafufutika pang'ono. Kodi chinali daleti kapena reshi? M'Chihebri zilembo ziwirizi zimafanana ngati mapasa. Daleti ali ndi ngodya yakuthwa ndi kamchira kotulukira kumbuyo, pamene reshi amangopindika bwinobwino. Ngati ndi daleti, dzinalo ndi Dodanimu; ngati ndi reshi, ndi Rodanimu.

Mtima wake unakonda reshi. Ankadziwa kuti pa 1 Mbiri 1:7 palembedwa Rodanimu, dzina lokumbutsa chilumba cha Rode. Komabe sanalembe. Potsata mwambo wa aphunzitsi achiyuda pa chilembo chokayikitsa, anaitana mwana wodziwa zilembo, koma wosaloweza ndimeyo pamtima. "Mwana wanga, ukuona chilembo chanji apa?" Mwanayo anayang'anitsitsa nati, "Ndi daleti, aphunzitsi." Mlembiyo anatchula dzinalo mokweza, nalemba daleti.

Ife tikuti anachita bwino, ngakhale kuti maganizo ake oyamba aja mwina anali olondola. Paja Baibulo lakale la Chigriki limatchula anthu a ku Rode pa ndime yomweyo, ndipo akatswiri ambiri lero amakondera reshi. Ena atifunsa: bwanji munthu wophunzira asiye nzeru zake n'kumvera mwana? Yankho n'lakuti wophunzira amaona chimene akuyembekezera, pamene mwanayo amaona chimene chili pa chikopa. Ntchito ya mlembi ndi kupereka chimene walandira. Akadasintha mwakachetechete, umboni ukadatayika. Poti alembi anasiya Dodanimu kwina ndi Rodanimu kwina osazifananitsa, ife lero tikutha kuona pamene panavuta, n'kuyesa mbali zonse ziwiri.

Tisaganize kuti kangodyaka n'kopanda pake. Pa Deuteronomo 6:4, liwu lonena kuti Mulungu ndi mmodzi ndi ekhadi, ndipo limathera ndi daleti. Ngodya ija ikapindika, limasanduka akheri, kutanthauza "wina", liwu limene pa Eksodo 34:14 likunena za mulungu wachilendo. N'chifukwa chake m'mipukutu daleti wa pa Deuteronomo ndi reshi wa pa Eksodo amalembedwa aakulu kuposa zilembo zinzawo. Dzanja lozolowera kusintha dzina laling'ono m'ndandanda wa mafuko silingadalirike likafika pa chikhulupiriro chenicheni.

Tsono inu amene mudzaime pa guwa la Mawu Lamulungu likudzali, kumbukirani mlembi uja. Maso akathamanga, pakamwa pamatchula zimene tinazolowera. Konzekerani, werengani zimene zalembedwa, ndipo pamene mwakayika, funsani ngakhale wamng'ono.