Wamalonda wa LDL wokwera ayambe ndi botolo la mafuta, osati kusala nsima

Wamalonda akauzidwa kuchipatala kuti mafuta a m'magazi akwera, malangizo amagwa ngati mvula pamsika. Wina amati asiye nsima, wina amati azimwa mandimu ndi adyo m'mamawa, wina amamulozera kusitolo zodula za m'tauni kukagula mafuta a olivi. Malangizo otere amatha mpamba koma safika pomwe pali vuto. Kwa munthu amene amadzuka 4 koloko kukapikula katundu n'kubwerera kunyumba kutada, chomwe chimakweza LDL nthawi zambiri ndi zimene amadya ali pabenchi, komanso mafuta amene amathira mumphika osayeza. Zonse ziwirizi zingakonzedwe ndi zinthu zomwe zili kale mumsika wa Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa.

LDL ndi mtundu wa kolesitelo umene umakanirira m'kati mwa mitsempha ya magazi n'kumaichepetsa pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina munthu n'kugwa ndi sitiroko kapena matenda a mtima. Sumva kuwawa, ndipo ngakhale munthu woonda angakhale nawo wokwera. Umadziwika poyeza magazi basi. Madokotala ambiri amafuna kuti ukhale pansi pa 3 mmol/L, ndipo kwa wodwala shuga kapena amene anadwalapo mtima amafuna utsike kuposa pamenepo. Kwa wamalonda nkhaniyi ndi ya ndalama, chifukwa sitiroko ikagwira dzanja ndi mwendo, benchi imatsekedwa ndipo fizi ya ana imaima.

Mwachitsanzo, pali mayi wogulitsa tomato ndi anyezi ku Ndirande, wa banja la anthu asanu, amene pepala lake la kulabu lalembedwa kuti LDL 4.5. M'mamawa amamwa tiyi wothira ufa woyeretsa ndi mandasi awiri. Masana amatuma mwana kuchiwaya kukagula tchipisi ndi zam'kati. Madzulo amafika atatopa n'kukazinga ndiwo mwachangu ndi mafuta a m'kachubu amene wagula panjira. Palibe chakudya chachilendo pamenepa, koma katatu patsiku mayiyu akudya mafuta a mtundu umene umakweza LDL.

Mafuta ovutawo ndi aja amagwirana kukazizira: a nyama yonona, khungu la nkhuku, soseji, majarini olimba ndi mafuta a kanjedza. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mafuta otere asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya, zomwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 20 patsiku. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta a kanjedza ili ndi magalamu 6 kapena 7 a mafuta ovutawa, pamene supuni ya mafuta a mpendadzuwa ili ndi magalamu osafika 2. Masupuni atatu okha a kanjedza amaliza muyezo wa tsiku lonse, nyama isanawerengedwe.

N'chifukwa chake chinthu choyamba kugula pamlungu chikhale botolo la mafuta lokhala ndi chizindikiro chonena kuti ndi a mpendadzuwa kapena a soya. Mafuta oyeza m'timachubu salembedwa kuti ndi a chiyani, ndipo powerengera bwino, kugula kachubu tsiku ndi tsiku nthawi zambiri kumadula kuposa botolo. Njira yachidule yowazindikira ndi m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi: mafuta amene amachita mbuu kapena kugwirana pansi pa botolo m'mamawa nthawi zambiri amakhala ndi kanjedza wambiri. Botolo la mamililita 750 likwanire banja la anthu asanu mlungu wonse, kutanthauza masupuni aakulu 7 patsiku. Mayi uja angalembe mizere 7 pabotolo ndi cholembera. Mafuta akadutsa mzere wa Lachinayi tsiku lili Lachiwiri, ndiye kuti dzanja likulemera.

Chachiwiri ndi ndiwo za m'gulu la nyemba. Nyemba, nandolo ndi khobwe zili ndi ulusi wina umene umasungunuka m'matumbo n'kukoka kolesitelo kuti atuluke ndi chimbudzi m'malo mobwerera m'magazi. Therere lobala nalo lili ndi ulusi wotere, ndipo ndi umene umalipangitsa kunanda. Akatswiri a ku Canada ataunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2014 anapeza kuti kudya magalamu 130 a nyemba zophika patsiku, omwe ndi kapu yosadzaza, kumatsitsa LDL ndi pafupifupi 5 pa 100 aliyense. Kilogalamu imodzi ya nyemba ndi ina ya nandolo kapena khobwe zikwanira banjali masiku anayi, theka la kilogalamu patsiku. Kuno kummwera nandolo amachuluka kuyambira cha mu Ogasiti, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yogula wambiri n'kusunga.

Dengu la Loweruka madzulo likhalenso ndi usipa kapena matemba a masiku awiri, paketi ya soya pisi, mtedza kilogalamu imodzi, mbatata, ndi ufa wa mgaiwa m'malo mwa woyera. Nyama ikhale ya tsiku limodzi: nkhuku yochotsa khungu, kapena ya ng'ombe yosanona. Masamba monga mpiru, bonongwe, chisoso ndi nkhwani asagulidwe a mlungu wonse chifukwa amafota. Wamalonda ali kale mumsika, choncho angatenge mpukutu wa tsikulo poweruka, nthawi imene anzake akutsitsa mtengo kuti katundu asagone.

Mtedza ugulidwe wathunthu, osati nsinjiro zosinjasinja kale. Mtedza wa chuku uli ndi poizoni amene amawononga chiwindi, ndipo ukasinjidwa palibe angauzindikire. Lamulungu masana ana angathandize kusankha, kutaya wofota, wakuda ndi wowawa. Theka likazingidwe popanda mafuta kuti likhale chotafuna cha pabenchi, theka lisinjidwe. Nsinjirozo ndizo zidzalowa m'malo mwa mafuta m'masamba, ndipo mafuta a mu mtedza ndi a mtundu umene sukweza LDL.

Vuto la nthawi limathetsedwa ndi kuviika. Nyemba zikagona m'madzi usiku wonse zimapsa msanga, makala amapulumuka, komanso sizitupitsa mimba kwambiri ngati madzi oviikirawo atayidwa. Loweruka usiku ziviikidwe, Lamulungu ziphikidwe. Amene ali ndi fuliji angaphike kilogalamu yonse n'kugawa m'makontena, a masiku awiri pansi, otsala m'chipinda choumitsa. Amene alibe fuliji, kapena amene dera lawo magetsi amazimazima, asaphike zoposa za usiku umodzi ndi masana otsatira. Aziwiritsenso mpaka zibwate m'mamawa asanaike m'kontena. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala nyemba zimasasa msanga, ndipo zikayamba thovu kapena kafungo kowawasa ndi zotaya, osati zotenthetsa.

Lamulo la mlungu wonse ndi limodzi: mphika wa madzulo ukhale waukulu moti utsale wa masana a mawa. Lamulungu banja lidye nkhuku yake masana, madzulo nyemba ndi mpiru, zotsala zipite kumsika Lolemba. Lolemba madzulo usipa wowiritsa ndi tomato, supuni ziwiri za mafuta, ndi nkhwani wotendera. Lachiwiri nandolo amene anaviikidwa m'mamawa pochoka. Lachitatu soya pisi ndi therere, zomwe zimapsa m'mphindi zochepa, tsiku limene munthu watopa kwambiri. Lachinayi nyemba, Lachisanu matemba ndi chisoso, Loweruka nandolo kapena khobwe. Nsomba zouma zitsukidwe kaye m'madzi ofunda kuti mchenga ndi mchere zichoke, makamaka kwa amene alinso ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Chakudya cha m'mamawa ndicho chimagwetsa ambiri. Pa 4 koloko palibe amene angayatse mbaula, n'chifukwa chake mandasi amapambana. Koma mbatata ingawiritsidwe usiku pamoto wotsala wa nsima, n'kulowa m'chikwama pamodzi ndi fulasiki ya tiyi. Futali, mbatata yotendera ija, imasunga mimba mpaka masana. Pa buledi, peyala likhoza kulowa m'malo mwa majarini m'nyengo imene mapeyala a ku Thyolo ndi Mulanje adzaza msika. Njala ya 10 koloko ithetsedwe ndi mtedza wodzaza dzanja limodzi, nthochi, gwafa kapena chimanga chootcha. Dzanja limodzi ndilo muyezo, chifukwa mtedza wambiri umanenepetsa.

Ena anganene kuti munthu wonyamula madengu tsiku lonse amafunika chakudya champhamvu, ndipo nyemba za m'kontena sizingafanane ndi tchipisi chotentha. Zoona, thupi logwira ntchito limafuna mphamvu, ndipo n'chifukwa chake nsima siyenera kuchotsedwa. Mgaiwa ndi nyemba zimakhalitsa m'mimba kuposa tchipisi, chomwe chimamwa mafuta ambiri, kawirikawiri amene atenthedwa mobwerezabwereza mpaka kuda. Enanso anganene kuti anzawo a chiwaya ataya kasitomala. Kudya kumeneko kamodzi pamlungu sikungawononge dongosolo lonse. Choopsa ndi kudya kumeneko masiku asanu ndi limodzi. Ndalama ya tchipisi ya masiku amenewo ikasonkhanitsidwa, ndiyo yogulira botolo la mafuta ndi nyemba zija, moti dongosololi silifuna ndalama yatsopano yambiri.

Koma chakudya chili ndi malire ake, ndipo apa ndi pamene ambiri amanamizidwa. Munthu akatsatira bwino zonsezi, LDL amatsika ndi 10 kapena 15 pa 100 aliyense. Kwa mayi wa 4.5 uja, ndiye kuti afika cha pa 4.0 kapena 3.8. Kumeneko ndi kutsika kwenikweni, koma sanafike pansi pa 3. Ayenera kukayezetsanso pakatha miyezi itatu, atatenga pepala loyamba kuti adokotala ayerekeze. Ngati ali ndi shuga, magazi ake amathamanga, kapena amasuta, adokotala angamupatse mankhwala a gulu la sitatini, amene amatsitsa LDL ndi 30 mpaka 50 pa 100 aliyense. Mankhwalawa amamwa tsiku lililonse ndipo akasiyidwa LDL amakweranso. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati auze adokotala asanayambe kumwa.

Amene LDL wake wafika 4.9 kapena kuposa, makamaka ngati kwawo kuli wachibale amene anadwala mtima ali wamng'ono, asataye miyezi akuyesa nyemba zokha. Vuto lotere limatha kukhala la kumtundu, ndipo limafuna mankhwala msanga komanso kuti abale ake akayezetse. Poyambira ndi pachipatala cha m'dera, kaya ku Chilomoni, Bangwe, Ndirande, Zingwangwa kapena South Lunzu ku Machinjiri, komwe angamutumize ku Queen Elizabeth Central Hospital ngati pakufunika kutero. Mabotolo a zitsamba amene amalengezedwa pamsika kuti amatsuka magazi sangalowe m'malo mwa pepala la kulabu.

Wamalonda amadziwa kuti phindu limaoneka powerengera, osati poganizira. Mlungu uno awerenge zinthu zitatu: mizere ya pabotolo, masiku amene kontena inafika pabenchi, ndi tsiku lokayezetsanso limene lalembedwa m'buku la kuchipatala.